Kubweretsa mphaka m'nyumba momwe muli galu: ndondomeko yake, ndi mmene mungadziwire ngati adzakhalitsana

Funso lakuti "ndili ndi galu, ndikufuna kutenga mphaka, kodi adzagwirizana?" ndaliyankha kambirimbiri, ndipo ofunsa amayembekeza kumva inde kapena ayi. Palibe angapereke yankho limenelo asanaone mmene galu wanuyo amayang'anira mphaka. Chimene ndingakupatseni ndi ndondomeko yowakumanitsira popanda ngozi, komanso chinthu chimodzi choti muzichiyang'ana nthawi yonseyi: kodi galu wanu amatha kuchotsa maso pa mphaka mwa iye yekha? Zina zonse zili m'munsimu ndi njira yopezera yankho la funso limeneli mphaka asanavulale.

Konzekerani milungu ingapo, mwinanso miyezi. Musapite pa gawo lotsatira chifukwa chakuti masiku akwana. Muzipitapo nyama zonse ziwiri zikakhazikika pa gawo limene muli.

1. Muyambe ndi galu, mphaka asanabwere

Kumbukirani mbiri ya galu wanu mosamukondera. Amatani akaona kanyama kakang'ono kakuthamanga? Ngati anaphapo mphaka, kapena amagwira tinyama n'kutikutumula mpaka kufa, musabweretse mphaka poyembekeza kuti wa pakhomo adzamulemekeza. Mtima wosakawu ndi chibadwa, si mwano, ndipo kumukalipira sikuuchotsa. Mitundu imene anthu anaiweta kuti izithamangitsa ndi kugwira nyama, monga greyhound ndi terrier, komanso husky, imakonda kukhala nawo wamphamvu. Komabe mtundu ndi chenjezo chabe. Chimene chimagamula ndi khalidwe la galu amene muli nayeyo.

Msinkhu umathandizanso. Kamwana ka mphaka kamaphunzira mosavuta kuti "uyu si mdani" pakati pa milungu 2 ndi 7 chibadwire, pamene kamwana ka galu ndi kuyambira cha pa milungu 3 mpaka 12. Mphaka amene anakulira pafupi ndi agalu ofatsa sathawa msanga, ndipo mphaka wosathawa sautsa mtima wosaka. Ngati muli ndi mwayi wosankha, tengani woteroyo. Kamwana ka mphaka kamazolowera msanga, koma dziwani kuti galu wamkulu akhoza kukapha ngakhale akungosewera.

Onse awiri alandire katemera, makamaka wa chiwewe, ndiponso mankhwala a njoka zam'mimba ndi utitiri. Apa chenjerani: mankhwala ena a utitiri ndi nkhupakupa odonthezera pa khungu la galu amakhala ndi permethrin, amene kwa mphaka ndi poizoni woti akhoza kumupha. Musamuthire mphaka mankhwala a galu, ndipo uzani dokotala wa ziweto kuti pakhomo pakubwera mphaka kuti akusankhireni oyenera.

Chomaliza, galu adziwe zinthu ziwiri: kutembenukira kwa inu mukatchula dzina lake, ndi kugona pansi pamalo pake mukamuuza. Ngati sakumverani m'nyumba muli zii, mphaka akabwera ndiye sadzakumvani n'komwe.

2. Mphaka akhale ndi chipinda chake chotseka

Tsiku lofika, galu akhale kunja kapena kuchipinda china. Mphaka mumulowetse m'chipinda chokhala ndi chitseko chotsekeka bwino, momwe mwaikamo kale chakudya, madzi, bokosi la mchenga lochitiramo chimbudzi (liikeni kutali ndi chakudya), pobisala monga katoni yoboola, ndi pamalo pokwera. Tsegulani chonyamuliracho n'kumusiya atuluke yekha.

Cholakwika chimene anthu ambiri amachita chili pano. Amaika chonyamulira pakati pa chipinda, mphaka ali momwemo, n'kumusiya galu azinunkhiza mozungulira "kuti adziwane". Mphakayo alibe kothawira, ndipo chimene waphunzira tsiku loyamba n'chakuti galu ndi chilombo chimene chimamuzinga. Ena amamunyamula m'manja n'kumuyandikiza ku mphuno ya galu. Mapeto ake ndi zikhadabo m'mikono yanu, kapena mphaka kulumpha n'kuthawa galu ali pambuyo.

M'chipindamo akhalemo mpaka azidya bwino, azigwiritsa ntchito mchenga, komanso azituluka pobisala mukalowa. Kwa amphaka ambiri zimatenga masiku angapo mpaka sabata, amantha amapitirira. Koma akatha masiku 2 osadya kanthu, pitani naye kwa dokotala, chifukwa mphaka akakhala ndi njala nthawi yaitali chiwindi chake chimadzaza mafuta n'kuwonongeka. Mphaka wamwamuna amene akudzikakamiza pa mchenga koma mkodzo osatuluka ndiye pitani naye nthawi yomweyo, chifukwa njira ya mkodzo ikatsekeka amafa m'masiku ochepa.

3. Adziwane fungo asanaonane

Tengani kansalu kofewa, mupukute nako masaya a mphaka, pamene pamatuluka fungo limene iye amapaka pa zinthu akamadzikhuza. Kaikeni pansi pomwe galu amadutsa. Chitaninso chimodzimodzi ndi kansalu ka galu, koma musakaike pafupi ndi mbale ya mphaka. Musakakamize aliyense kununkhiza. Galu akanunkhiza n'kupitiriza zake, ndi bwino. Akakaluma n'kumakakutumula, lembani zimenezo mumtima.

Kenako muziwadyetsa nthawi imodzi, wina mbali iyi ya chitseko chotseka, wina mbali inayo, mbale zili patali ndi chitseko. Tsiku lililonse muzizisendeza pang'ono. Wina akasiya kudya, mwafulumira, bwezani mbale pamene inali dzulo. Galu akapita koyenda, mutsegulireni mphaka kuti ayendere nyumba yonse, adziwe pokwera ndi njira yobwerera kuchipinda chake. Mphaka wodziwa nyumba sasokonezeka akadzidzimuka.

Galu amene amanunkhiza pansi pa chitseko kenako n'kukagona, wakonzeka. Amene amakhala pachitsekopo maola, akulira ndi kukanda, sanakonzeke.

4. Aonane pali chotchinga

Pakhomo la chipinda cha mphaka ikani chotchinga chooneka mkati: kageti ka zitsulo kapena chitseko cha waya cholimba, chimene galu sangagwetse kapena kudumpha. Galu akhale atayenda kale n'kutopako, ali pa chingwe, ndipo inu muli ndi tizidutswa ta chakudya chimene amachikonda kwambiri. Yambirani patali, mamita 4 kapena 5 ngati nyumba ikulola. Mphaka musamuitane kapena kumukokera poonekera. Akafuna kubisala, abisale.

Galu akangoyang'ana mphaka, muyamikeni ndi mawu ofatsa n'kumupatsa kachidutswa. Akayang'ananso, chimodzimodzi. Mukumuphunzitsa kuti kuona mphaka kumatanthauza kutembenukira kwa inu. Mphindi 2 mpaka 5 n'zokwanira, kangapo pa tsiku, ndipo muzilekeza onse akadali odekha.

5. Werengani galu wanu, apa ndiye pagona nkhani

Anthu ambiri amaopa galu wouwa, n'kumasangalala ndi galu amene wangoti duu. Nthawi zambiri zimakhala zotembenuka. Galu wouwa, wodumphadumpha, wobwerera m'mbuyo n'kubweranso, amakhala kuti wasokonezeka, wachita mantha, kapena akufuna masewera. Ndi wovuta, koma amaphunzitsika. Galu amene akusaka sachita phokoso. Amatseka pakamwa, makutu amaloza kutsogolo, mutu umatsika kufanana ndi msana, thupi limauma, maso osaphethira. Ena amanjenjemera miyendo, ena amalira kakulira kochepa kopyapyala, ena amayamba kuwendera pang'onopang'ono mwendo umodzi uli m'mwamba. Mwini wake amati "taonani kufatsa kwake", pamene galuyo akungodikira kuti mphaka asunthe.

Mchira usakunyengeni. Galu akamagwedeza mchira momasuka, chiuno chonse chikugwedezeka nawo, ndiye kuti mtima uli m'malo. Koma mchira woima m'mwamba, wouma, wongonjenjemera kunsonga, ndi wa galu amene wakonzeka kulumpha. Kwa mphaka n'zosiyananso: akamakwapula mchira uku ndi uku ndiye kuti wakwiya, osati wakondwa. Nyama ziwirizi zimayamba zisakumvana chinenero, n'chifukwa chake inuyo muyenera kuwerenga zonse ziwiri.

Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo kuli patatu. Galu akuyang'ana mphaka, tchulani dzina lake kamodzi: kodi watembenuka? Muikireni kachidutswa pamphuno: kodi wadya, ndipo wadya mwachizolowezi kapena watsomphola maso ali kwa mphaka? Kenako khalani chete, muwerenge masekondi: kodi achotsa maso yekha, kununkhiza pansi, kudzikanda, kukuyang'anani? Galu amene amayang'ana masekondi 2 kapena 3 n'kuchotsa maso yekha ali pabwino. Amene wakana chakudya chimene amachilirira masiku onse ndiye kuti mutu wake wadzaza mphaka, ndipo pamenepo sangaphunzire kanthu. Musamukalipire kapena kukoka chingwe mwaukali. Bwererani naye m'mbuyo mpaka pamene ayambirenso kudya.

Mtunda umene galu amatha kuona mphaka n'kumakumveranibe ndiwo malire ake. Ntchito yonse ndi kuchepetsa malirewo pang'onopang'ono, ndipo chimene mukuyang'ana si mmene zakhalira lero, koma kumene zikulowera pakapita masiku. Muzilemba mtundawo tsiku lililonse, chifukwa mtima umakonda kukumbukira tsiku labwino lokha.

Tiyerekeze muli ndi galu wa zaka 3, wamphamvu zake, ndi mphaka wa chaka chimodzi. Tsiku loyamba pa mamita 3 galu wauma, chakudya wakana. Mwabwerera pa mamita 5: wadya, koma motsomphola, ndipo dzina wamva kachitatu. Malire ake ndi mamita 5. Mwakhala pamenepo masiku atatu, ndipo tsiku lachitatu wayang'ana mphaka n'kutembenuka yekha kufuna kachidutswa. Mwasendera pa mamita 4, kenako 3. Tsiku lina mphaka wadumpha kuchoka pa mpando, galu wadzambatuka n'kuuwa kawiri, koma mutamuitana wabwera, wadzikutumula thupi, ndipo pasanathe mphindi wagona pansi. Ameneyu ndi galu woti mupitirize naye. Kudzambatukako si vuto. Chofunika n'chakuti mtima wake unatsika msanga.

Tsopano galu wina, nyumba yomweyo, mphaka yemweyo. Pa mamita 5 wauma. Mwatuluka naye mpaka pakhonde, kumene mphaka akuoneka pang'ono chabe, koma akadali wouma, malovu akutuluka. Mwatseka chitseko, iye akadali pomwepo maso ali pachitseko kwa theka la ola. Patha milungu 2 mukuchita zonse moyenera, malire sanasunthe, ndipo tsopano akangomva mphaka akuyenda m'chipindamo amathamangira kuchitseko. Uyu sakuzolowera, akunoleka. Kupitiriza kumuonetsa mphaka kukungokulitsa chilakolako chake.

Mphaka naye muzimuona. Kutulutsa mpweya mwaukali mano ali pamtunda, kamodzi kapena kawiri masiku oyamba, ndi njira yake yonenera kuti "ima pomwepo", ndipo musamulange. Chodetsa nkhawa ndi mphaka amene wanyata makutu, ubweya waima, mwana wa diso wakula n'kudetsa diso lonse, ndipo zikuchitika tsiku ndi tsiku osachepa. Amene akudzinyambita, kudya, kuphethira pang'onopang'ono, kapena kuyenda mchira uli chilili galu akuona, wayamba kumasuka. Samalani ndi mphaka amene wangokhala phee pamalo amodzi, miyendo ataipinda pansi pa thupi, osasuntha ngakhale pang'ono. Kawirikawiri ameneyo wauma ndi mantha, sanazolowere.

6. Chipinda chimodzi, galu ali pa chingwe

Galu akamatha kugona pafupi ndi chotchinga mphaka akuyendayenda mkati, kwa masiku angapo otsatizana, tsegulani. Chingwe chikhale m'manja mwanu koma chosakokeka, chifukwa chingwe chokokeka chimawonjezera ukali. Mphaka akhale ndi njira ziwiri zothawira: khomo la chipinda chake, ndi pamwamba pomwe galu sangafike ataima ndi miyendo iwiri, monga pa kabati kapena alumali. Kunsi kwa bedi kumene galu akhoza kulowetsa mutu si pothawira, ndi msampha. Ngati mukukayika, galu avale chotseka pakamwa chokhala ngati kadengu, chimene amatha kupumiramo ndi kudyeramo, koma akhale atachizolowera kale masiku am'mbuyo. Dziwani kuti ngakhale atavala, akhoza kuvulaza mphaka pomuponda kapena kumugunda. Agalu akakhala awiri, muzichita ndi mmodzimmodzi, chifukwa pamodzi amautsana.

Woyamba kuyandikira akhale mphaka. Akabwera kudzanunkhiza, lolani masekondi ochepa, kenako muitaneni galu n'kumupatsa kachidutswa. Mphaka akamuwomba kamodzi pamphuno galu n'kubwerera, phunziro lalowa. Koma yang'anani maso a galu pambuyo pake, makamaka kagalu kakang'ono kapena galu wa mphuno yophwatalala ndi maso otuluka. Diso lotsinzina kapena lotuluka misozi lionedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

Galu amene wakhala bwino ndi mphaka wongokhala sanayesedwe. Mayeso enieni ndi mphaka wothamanga. Musadikire kuti zichitike mwadzidzidzi chingwe mutachotsa. Munthu wina aseweretse mphaka ndi kachingwe kokhala ndi nthenga mbali ina ya chipinda, kuti athamange ndi kulumpha, inu mutagwira galu patali, n'kubwereza kuyesa kutatu kuja: dzina, chakudya, maso. Akapambana kangapo masiku osiyanasiyana, siyani chingwe chizikhwekhwereka pansi kuti muthe kuchiponda msanga. Kuchichotseratu ndi komaliza.

Musalole kuthamangitsa ngakhale kamodzi, ngakhale kukuoneka ngati masewera. Kwa galu, kuthamangitsako n'kokoma kuposa chakudya chilichonse chimene muli nacho, ndipo kamodzi kokha kakhoza kubweza m'mbuyo ntchito ya milungu.

7. Gamulani

Pakatha mwezi kapena iwiri mukuchita izi mosadumphitsa, mudzakhala mwaona kumene zikupita.

Pali awiri amene adzakhalitsana. Galu amagona mphaka akudutsa, amapatuka mphaka akamuchenjeza, ndipo mphaka amadya, kumwa ndi kupita ku mchenga osayamba wasuzumira. Musayembekeze kuti azigona atakumbatirana. Ambiri amangolekana, aliyense n'kumachita zake, ndipo kumeneko ndiko kugwirizana kokwanira. Akamasewera, onani ngati akusinthana, ngati amapumira, ndiponso ngati mphaka amabwerera yekha masewera akaduka. Galu wogwada ndi miyendo yakutsogolo, matako ali m'mwamba, akuitanira masewera. Koma ngati wothawa ndi mphaka nthawi zonse ndipo sabwerera, amene akusewera ndi galu yekha.

Pali ena amene akhoza kukhala nyumba imodzi pokhapokha inu mulipo. Galu amamvera, koma mphaka akathamanga thupi limayamba lauma kaye. Awa mudzawalekanitsa ndi chitseko nthawi iliyonse mukuchoka kapena kugona, mwina moyo wawo wonse. Dzifunseni ngati aliyense wa m'nyumbamo, ana ndi alendo omwe, adzakumbukira kutseka chitseko chimenecho tsiku lililonse.

Ndipo pali amene sizingatheke. Galu ngati wachiwiri uja, amene malire ake sasuntha, kapena amene wagwirapo mphaka n'kumukutumula. Apa funani katswiri wa khalidwe la nyama msanga, koma mukonzekenso kumupezera mphaka khomo lina. Nthawi zina wolephera amakhala mphaka, galu ali wofatsa ndithu. Ngati patapita miyezi mphaka akukhalabe pamwamba pa kabati, akutsika usiku wokha, akukodza pambali pa mchenga, kapena akudzinyambita mpaka ubweya wa pamimba kuthothoka, ameneyo sakukhala mwamtendere ngakhale kuti palibe amene wamuluma. Yambani mwamupimitsa kwa dokotala, chifukwa zizindikiro zimenezi zimabweranso ndi matenda.

8. Akayamba kukhalira limodzi

Mbale ya mphaka ikhale pamwamba kapena m'chipinda chimene galu salowa. Galu wofatsa akhoza kuluma chifukwa cha mbale kapena fupa, ndipo mphaka sangadalire chakudya cha galu popeza thupi lake limafuna michere yotchedwa taurine yochuluka kuchokera m'zakudya. Bokosi la mchenga nalonso galu asalifikire. Agalu amakonda kudya chimbudzi cha mphaka, ndipo mphaka amene wadzidzimutsidwa ali pa mchenga amayamba kufuna malo ena. Chitseko chomangirira kuti chizitseguka mpata wokwana mphaka yekha chimathetsa mavuto onse awiri.

Kuwasiya okha muyambe ndi mphindi zochepa inu muli chipinda china, ndipo muchite zimenezi pokhapokha patapita milungu ingapo popanda kuuma thupi kapena kuthamangitsa. Kamwana ka mphaka musakasiye ndi galu wamkulu mpaka katakula. Kunja muyambirenso ndi chingwe ngati kuti sanaonanepo, chifukwa galu amene amagona pafupi ndi mphaka m'nyumba akhoza kumuthamangitsa akamuona akudutsa pabwalo.

Zikavuta n'kugwirana, musalowetse manja pakati. Aponyereni bulangete, athireni madzi, kapena lowetsani thabwa pakati pawo. Mphaka amene wakhala m'kamwa mwa galu apite kwa dokotala nthawi yomweyo ngakhale magazi asakuoneka, chifukwa mano a galu amaphwanya nthiti ndi ziwalo zam'kati khungu lili bwinobwino. Inunso mphaka akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mano ake ndi opyapyala, amalowetsa tizilombo mkati kwambiri, ndipo dzanja limatha kutupa pasanathe tsiku.